Kopa, maperesenti 75 kapena 69: mkangano umene unayamba mu 1815

Aphunzitsi a sayansi a sukulu zingapo za kuno ku Dedza sanamvane pochonga funso limodzi la mayeso oyeserera a Fomu 4. Funsolo linati kopa ali ndi maaisotopu awiri, ndiye kuti mitundu iwiri ya atomu yake yosiyana kulemera, wa 63 ndi wa 65, avereji ya kulemera kwa atomu yake ndi 63.5, ndipo ophunzira apeze kuti aisotopu iliyonse ilipo yochuluka bwanji. Ana ambiri anapeza kuti wa 63 ndi maperesenti 75. Koma pepala la mayankho linali ndi 69, nambala imene wolemba funso anaitenga m'buku. Ena anati buku silinama, mwana wa 75 alandire mtanda. Mayi wina amene wakhalitsa pa choko anangofunsa kuti, "Nanga inu aphunzitsi, ndi nambala zimene munawapatsa anawa, 69 mungamupeze bwanji?"

Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, ndipo mkangano wa mtundu umenewu ndi wakale kuposa mayeso athu.

Mu 1815 dokotala wina wa ku London, William Prout, anaona kuti kulemera kwa maatomu ambiri, poyerekeza ndi haidirojeni, kumatuluka nambala zathunthu kapena pafupi nazo. Anaganiza kuti maatomu onse anamangidwa ndi haidirojeni, choncho nambala ya theka ikapezeka ndiye kuti woyeza walakwitsa. Ganizoli linali lokoma m'khutu, koma kolorini anakana. Aliyense womuyeza mosamala ankapeza pafupifupi 35.5. Ena anayesa kupulumutsa ganizo la Prout ponena kuti mwina chomangira maatomu ndi theka la haidirojeni, ena n'kuti gawo limodzi mwa anayi. Jean Stas wa ku Belgium, amene poyamba ankakhulupirira Prout, anatha zaka akuyeretsa mankhwala ndi kuyeza mobwerezabwereza, ndipo mu 1860 ananena poyera kuti ganizolo n'lopanda maziko. Kolorini wake anali pafupifupi 35.46, ndipo panalibe njira yomukokera ku 35 kapena ku 36.

Mabuku a sukulu amakonda kumupatsa ulemu Prout ngati munthu amene anaona patali, Stas osamutchula n'komwe. Ine ndimaona kuti pamenepo pali kukondera. Stas akanafewa mtima n'kuzungulitsa nambala zake kuti zikondweretse anthu, funso limene linadzabala maaisotopu likanakwiriridwa.

Zaka makumi asanu zinadutsa nkhaniyi ili chiimire. Zinthu zinayamba kusuntha ku Cambridge cha m'ma 1912 ndi 1913, pamene J. J. Thomson ankadutsitsa maatomu a mpweya okhala ndi mphamvu ya magetsi pakati pa maginito ndi magetsi, n'kumaona pamene agwera pa galasi lojambulira zithunzi. Mpweya wa neyoni, umene akatswiri a kemisitiri ankati kulemera kwake ndi 20.2, unasiya mizere iwiri: wowala pa 20, wina wofooka pa 22. Mabuku ena amalemba kuti apa Thomson anatulukira maaisotopu a neyoni. Kunena choncho n'kuthamanga, pakuti iye mwini anakayikira. Mzere wa 22 ukanatha kukhala neyoni wa 20 atagwirana ndi maatomu awiri a haidirojeni, kapena mpweya wina wosadziwika.

Womuthandiza wake, Francis Aston, anayesa kulekanitsa mitundu iwiriyo posefa neyoni mobwerezabwereza m'dongo loumbira mapaipi a fodya, popeza atomu yopepuka imadutsa msanga pang'ono. Kusiyana kumene anapeza kunali kochepa kwambiri moti sikunakhutiritse anthu. Kenaka nkhondo ya 1914 inaimitsa ntchitoyo.

Atabwerera mu 1919, Aston anapanga makina atsopano. Maatomu ankayamba adutsa pa timipata tiwiri topapatiza kuti ayende mzere umodzi. Magetsi ankawapatutsira mbali ina, maginito n'kuwabwezera mbali inayo, ndipo anazilinganiza mwakuti maatomu olemera mofanana ankakagwera malo amodzi pa galasi ngakhale liwiro lawo lisiyane. Makinawo ankayeza molondola mpaka gawo limodzi mwa 1,000. Neyoni anatuluka pa 20 ndi pa 22 ndendende, pa 20.2 palibe kanthu. Chaka chisanathe anaikamo kolorini, ndipo panaoneka mizere pa 35, 36, 37 ndi 38. Ya 36 ndi 38 anaifotokoza kuti ndi kolorini wa 35 ndi wa 37 atagwirana ndi atomu imodzi ya haidirojeni. Pa 35.46, nambala imene Stas anaivutikira zaka zambiri, panalibe mzere.

Tanthauzo lake n'lakuti palibe atomu ya kolorini ngakhale imodzi yolemera 35.46. Nambalayo ndi avereji ya gulu. Zili ngati wogula kachewere pa Lizulu amene wakweza matumba 100, ena a makilogalamu 35 ena a 37, n'kuyeza lole yonse pamodzi: akagawa ndi 100 apeza 35 ndi theka, koma thumba lolemera choncho mulibe m'lolemo. Sikelo ya Stas inkayeza lole yonse. Makina a Aston ndiwo anayamba kutsitsa thumba limodzilimodzi. Prout analondola pa atomu iliyonse, Stas analondola pa gulu. Aston analandira mphoto ya Nobel mu 1922, ndipo chifukwa chenicheni cha kusiyanako, kuti maaisotopu ali ndi mapulotoni ofanana koma manyutironi osiyana, chinamveka bwino James Chadwick atapeza nyutironi mu 1932.

Kuwerengera kwake kopita chakutsogolo n'kosavuta. Kulemera kwa aisotopu iliyonse timachulukitsa ndi gawo lake m'gululo, n'kuphatikiza. Kolorini wa 35 amalemera 34.969 ndipo ndi maperesenti 75.76, wa 37 amalemera 36.966 ndipo ndi maperesenti 24.24 (mabuku ena amalemba 75.77 kapena 75.78, kutengera chaka chimene anasindikizidwa):

34.969 × 0.7576 + 36.966 × 0.2424 = 26.493 + 8.961 = 35.45

Mwana amene waphatikiza 35 ndi 37 n'kugawa pawiri apeza 36, ndipo wayesa ngati mitundu iwiriyo ilipo yofanana kuchuluka. Podzichonga, yankho liyenera kugwera pakati pa nambala ziwirizo ndi kutsamira kumene kuli maatomu ambiri.

Kubwerera chambuyo ndiko kumene Aston anachita ndi neyoni. Kuwala kwa mzere pa galasi sikunkauza bwino kuchuluka kwa maatomu, koma anali ndi 20.2 ya akatswiri a kemisitiri. Tikati gawo la neyoni wa 20 ndi x, la wa 22 ndi 1 − x, popeza onse pamodzi ndi gulu lathunthu. Ndiye 20x + 22(1 − x) = 20.2, zimene zipereka 2x = 1.8, ndipo x = 0.9. Maatomu 9 mwa 10 aliwonse ndi a 20.

Ana athu anachita chimodzimodzi ndi kopa: 63x + 65(1 − x) = 63.5, choncho 2x = 1.5, x = 0.75. Masamuwo alibe banga. Chimene chavuta ndi nambala zimene analandira. Kopa wa 63 amalemera 62.930, wa 65 amalemera 64.928, ndipo avereji ndi 63.546. Maaisotopuwa amaperewera pang'ono pa nambala yathunthu makamaka chifukwa mapulotoni ndi manyutironi akamangana pakati pa atomu, kachigawo ka kulemera kwawo kamachoka ngati mphamvu. Tikaikamo nambala zenizenizo:

x = (64.928 − 63.546) ÷ (64.928 − 62.930) = 1.382 ÷ 1.998 = 0.692

Apo pali 69 wa m'buku uja.

Munthu angadabwe kuti kuzungulitsa kochepa chonchi kwasuntha bwanji yankho ndi maperesenti pafupifupi 6. Mpata wa pakati pa maaisotopu awiriwa ndi 2 basi, ndipo maperesenti onse 100 apanikizana mu mpata umenewo. Kusuntha avereji ndi 0.02 n'kusuntha yankho ndi peresenti imodzi. Kutsitsa 63.546 kufika 63.5 n'kuchotsa 0.046, ndiwo maperesenti 2.3. Kukweza 64.928 kufika 65 n'kuwonjezera 0.072, ndiwo ena 3.6. Pa kopa zonse ziwiri zimakankhira mbali imodzi, 69 n'kusanduka 75.

Aphunzitsi ambiri sanakumanepo ndi vutoli chifukwa chitsanzo chozolowereka m'kalasi ndi kolorini, ndipo kolorini amabisa. Ukagwiritsa ntchito 35, 37 ndi 35.5 upeza 75, pafupi kwambiri ndi 75.76 yeniyeni. Koma zimenezo n'zamwayi: kukweza avereji kufika 35.5 kumatsitsa yankho, kukweza maaisotopu kufika 35 ndi 37 kumalikweza, ndiye zolakwika ziwirizo zimadyana. Yesani kusakaniza, mutenge 35.45 yolondola ndi 35 ndi 37 zozungulitsa. Mupeza 77.5, kutali ndi zoona kuposa poyamba. Nambala zonse zitatu ziyenera kukhala ndi madesimo ofanana.

Amene akuumirira 69 akuteteza chinthu chenicheni, pakuti mu waya wa magetsi uliwonse kopa wa 63 ndi pafupifupi maperesenti 69, ndipo sibwino mwana atuluke sukulu ataloweza 75. Komabe mwanayo anayankha funso limene anafunsidwa. Chofunika kukonza ndi funsolo.

Njira yobwerera chambuyoyi ili ndi malire ake awiri. Imagwira ntchito pa maaisotopu awiri okha. Akakhala atatu, monga a maginiziyamu, 24, 25 ndi 26, zosadziwika zimakhala ziwiri pamene avereji ndi imodzi, ndipo mayankho ambirimbiri angakwanire. Pamenepo pamafunika kupatsidwa gawo la aisotopu imodzi. Neyoni yemweyo anadzapezeka kuti ali ndi wachitatu, wa 21. Mwayi wa Aston unali wakuti ameneyu ndi maperesenti 0.27 okha, pamene wa 20 ndi 90.48 ndipo wa 22 ndi 9.25.

Malire ena ndi akuti kuchuluka kwa maaisotopu sikufanana ndendende paliponse. Kale mu 1914 Theodore Richards wa ku America anapeza kuti mtovu wochokera m'miyala ya yureniyamu ndi wopepukirako kuposa mtovu wamba wa 207.2. Mu 2009 bungwe la IUPAC, limene limavomereza nambala za pa tebulo la maelementi, linasiya kupereka nambala imodzi pa maelementi 10, n'kumapereka malire. Kolorini ali pakati pa 35.446 ndi 35.457. Boroni ali pakati pa 10.806 ndi 10.821, ndipo popeza maaisotopu ake, 10.013 ndi 11.009, asiyana ndi 1 yekha, gawo la boroni wa 10 lingakhale maperesenti 19 kapena kupitirira pang'ono 20, malinga ndi mgodi umene wachokera.