Kuleka kutsokomola sikuchira: za mankhwala a chifuwa chachikulu

Mawu amene anditopetsa pa ntchito ya unamwino kuno ku Chipata ndi akuti, "Ndinasiya chifukwa ndinali nditachira." Wodwala chifuwa chachikulu amayamba kupeza bwino pakangopita masabata ochepa: thukuta la usiku limatha, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo ambiri amanyengeka pamenepo.

Mankhwalawa ndi a miyezi 6. Miyezi 2 yoyamba, piritsi lililonse limakhala ndi mankhwala anayi, ndiye rifampisini, isoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo, ndipo miyezi 4 yotsatira mumatsala awiri oyambawo. Tizilombo toswana msanga timafa koyambirira, n'chifukwa chake thupi limapepuka, koma tilipo tina togona m'mapapo timene timafa pang'onopang'ono, ndipo miyezi yomalizayo ndi ya timeneti. Komanso pakati pa tizilombo tochulukato pamakhala tochepa tosamva mtundu umodzi wa mankhwala. Mukamamwa tsiku lililonse, mitundu inayo imapha timeneti. Mukamamwa modumphadumpha, tofooka timafa, tolimbato timapeza malo oswanirana.

Bambo wina, mlimi wa fodya, samandichoka m'mutu. Anamwa bwino miyezi 2, makhololo ake atapimidwanso anapezeka opanda tizilombo tooneka, iye n'kumva ngati tamumasula. Mvula itagwa anasamukira kumunda, ndipo mapiritsi otsala ankamwa pokhapokha chifuwa chikamuvuta. Chitabwerera mwamphamvu, anataya nthawi kwa wogulitsa zitsamba amene anamuuza kuti ndi mdulo. Anafika kwa ife atatheratu, akulavula magazi, ndipo makina opimira makhololo a GeneXpert anasonyeza kuti rifampisini sakugwiranso ntchito mwa iye. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mwana wake wamkazi, amene ankagona naye nyumba imodzi. Mwanayo sanaphonyepo piritsi m'moyo wake, koma anatengera chifuwa chosamva mankhwala chomwecho.

Chifuwa choterechi chimachizika, koma ndi mankhwala ena ovuta m'thupi, ofuna kupimidwa magazi ndi mtima pafupipafupi, ndipo ena amawamwa kupitirira chaka.

N'chifukwa chake timafuna kuti wina azikuonani mukumeza mankhwala n'kuchonga pakhadi, kaya ndi namwino, wodzipereka wa m'mudzi kapena m'bale wodalirika. Ena amakwiya, ati tikuwayesa ana. Ayi ndithu, munthu amene akumva bwino amaiwala, ndipo woyang'anirayo ndiye amatidziwitsa msanga tsiku likadumphidwa. Ngati muli ndi ulendo wa kumunda kapena wodutsa pa Mwami kupita ku Malawi, tiuzeni musananyamuke kuti tikonze za mankhwala anu, amene ndi aulere m'zipatala za boma.

Mkodzo wofiirira usakuopseni, ndi rifampisini ameneyo. Koma maso akasanduka achikasu, mukamasanza kosalekeza, kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, bwerani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati munasiya kale, musayambirenso nokha mapiritsi otsala m'nyumba. Bwerani tipime makhololo kaye, tidziwe ngati mankhwala akalewo akadagwirabe ntchito.