Musanayike Windows yatsopano, bakapu yanuyo ili pati?

Ndatopa nawo mawu akuti "koma ndinasungatu bakapu." Ndikafunsa kuti pati, akuti pa D:. Abale inu, pa malaputopu ambiri C: ndi D: ndi zipinda ziwiri za disiki imodzi yomweyo, moto ukabuka zimapsera limodzi.

Mayi wina mpaka pano amandimvetsabe chisoni. Zonse anachita bwinobwino, fulashi yoyikira Windows anakonza yekha ndi pulogalamu ya Microsoft ya Media Creation Tool, koma atafika pa sikirini yosankha poyika Windows anapeza kuti palibe C: palibe D:, pangolembedwa Drive 0 Partition 1, Partition 2 mpaka 5, ndiye anangodina Delete pa zonse kuti ayambe poyera. Zithunzi za mwana wake kuyambira tsiku lobadwa zinali pa Partition 5. Chondiwawa kwambiri nchoti anabwera kwa ine patatha masabata awiri akuigwiritsabe ntchito kompyutayo, ndipo disiki yake inali SSD, yomwe sichedwa kufufutiratu malo amene yauzidwa kuti alibenso ntchito. Sindinapulumutse olo chithunzi chimodzi. Mukalakwitsa chonchi zimitsani pompo, musadawunilodenso kanthu.

Ndiye koperani mafayilo pa disiki yakunja, Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads yomwe, kenako mukaitsegule pa kompyuta ina muone ngati zithunzizo zikutsegukadi, ena amakopera mashotikati okhaokha osadziwa. Mukatero IZULENI, isakhale yolumikiza nthawi yoyika Windows. Lembaninso papepala kukula kwa C:, poti pa sikirini ija mudzaizindikira ndi kukula kwake basi. Ngati BitLocker, loko wa disiki wa mu Windows, ndiyoyatsa sungani kiyi yake ya manambala 48, nthawi zambiri imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo pasiwedi ya akauntiyo yesani lero ngati mukuikumbukira.

Fulashi yoyikira Windows ikhale ya 8 GB kapena kuposa ndipo zomwe zilimo zifufutika. Ikakonzeka ponyanimo dilaiva ya Wi-Fi ya laputopu yanuyo, chifukwa Windows 11 imafuna intaneti musanalowe koyamba ndipo ambiri amakakamira pamenepo. Chaja ikhale yolumikiza.

Poyika Windows ikafunsa kiyi ya laisensi dinani "I don't have a product key", koma musankhe mtundu womwe munali nawo, ngati inali Home ikhale Home, laisensi ibwerera yokha mukalowa pa intaneti. Musamvere aja okupatsani Windows "yoti ndi yotsegula kale", simudziwa zomwe anabisamo ndipo mudzalembamo mapasiwedi anu onse. Tengani ya pa webusaiti ya Microsoft.

Kompyuta ikazima nkuyakanso koyamba mukaona yabwerera poyambira paja, musayambirenso, zulani fulashi muiyatsenso. Mukalowa thamangani kaye ku Windows Update, muone pa Activation, mu Device Manager musakhale kachizindikiro kachikasu, kenako bwezani mafayilo. Za pa disiki yakunja zija musafufute.