Kusankha nsapato zothamangira: yambani ndi phazi lanu, kenako malo omwe mumathamangako

Munthu akamathamanga, phazi limodzi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu nthawi iliyonse likaponda pansi, ndipo limatero kambirimbiri pa kilomita imodzi yokha. Nchifukwa chake nsapato yomwe imathina pang'ono poyenda imasanduka vuto lenileni pothamanga: matuza, zikhadabo zakuda, dzanzi kuzala, kapena ululu pansi pa chidendene. Pali zinthu zitatu zoyenera kuziona posankha, koma sizofanana kufunika kwake. Choyamba, ndipo chachikulu, ndi choti nsapato ikwane phazi m'litali ndi m'lifupi. Kukumbika kwa pansi pa phazi kumabwera pambuyo, ndipo malo othamangako ndi omwe amakuuzani mtundu wa soli.

Yezani phazi, musadalire nambala

Nambala ya nsapato yomwe mumaidziwa pamtima ingakusocheretseni, chifukwa makampani sadula nsapato mofanana, ndiponso phazi la munthu wamkulu limasintha. Limatha kutambasuka ndi zaka, ndi kunenepa, komanso mayi akakhalapo ndi pakati. Choncho yezani. Ikani pepala pansi molunjika kukhoma, imirirani chidendene chitagunda khoma, mutavala masokosi omwe mumathamangira, ndipo wina alembe pomwe pathera chala chachitali kwambiri. Kwa anthu ena chala chachitali si chachikulu ayi, ndi chachiwiri. Yezani mapazi onse awiri muli chiimire, chifukwa phazi limatalika likasenza thupi, ndipo mutsate phazi lalikulu. Nthawi yabwino ndi madzulo kapena mutangomaliza kuthamanga, pamene mapazi afufumako.

Pa muyeso umenewo onjezerani sentimita 1 mpaka 1.5, womwe ndi pafupifupi m'lifupi mwa chala chachikulu chakumanja. Mpata umenewu ukhale pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato. Ambiri amaopa kuti nsapato yotere izivuka, koma chomwe chimagwira phazi ndi chidendene cha nsapato ndi zingwe, osati kupanikiza zala. Phazi limafufuma mukathamanga nthawi yaitali, ndipo potsetsereka limasendera kutsogolo. Mpata ukasowa, chikhadabo chimagundagunda kutsogolo kwa nsapato, magazi nkuundana pansi pake, chikhadabo nkuda, mwina nkuzuka.

M'lifupi ndi momwe anthu ambiri amalakwitsa. Njira yosavuta ndi iyi: tulutsani kasoli kam'kati mwa nsapato, mukaike pansi, muimepo. Ngati mbali za phazi, makamaka pafupa la chala chachikulu ndi la chala chaching'ono, zikusefukira kunja kwa kasoliko, nsapatoyo ndi yopapatiza kwa inu. Musathetse vutoli pokweza nambala kawiri, chifukwa nsapato idzatalika kwambiri ndipo idzapindika pamalo pomwe phazi lanu silipindika. Funani nsapato yotakata. Makampani ena amalemba chilembo pafupi ndi nambala: kwa abambo D ndi muyeso wamba ndipo 2E ndi wotakata, pomwe kwa amayi B ndi wamba ndipo D ndi wotakata. Amene ali ndi fupa lotukuka patsinde pa chala chachikulu asankhe nsapato yansalu yofewa, yopanda msoko pamalo pamenepo.

Nsapato yothamangira iyenera kukhala bwino tsiku lomwelo. Mawu oti "idzatambasuka mukamavala" musawamvere, chifukwa nsalu za nsapato zotere sizitambasuka ngati chikopa.

Kukumbika kwa phazi

Nyowetsani phazi, muponde papepala lolimba kapena pasimenti youma, ndipo muone chidindo chake. Ngati phazi lonse ladinda popanda malo ouma mbali ya m'kati, phazi lanu ndi lophwatalala. Ngati mbali ya m'kati yauma pafupifupi theka, ndi lapakatikati. Ngati chidendene ndi kutsogolo zalumikizidwa ndi kamzere kowonda kunja kokha, ndi lokumbika kwambiri.

Phazi lililonse likaponda limapendekera m'kati pang'ono, ndipo kumeneko si kudwala, ndi momwe thupi limachepetsera kugunda. Phazi lophwatalala nthawi zambiri limapendekera kwambiri, pomwe lokumbika kwambiri limakhala lolimba, silipendekera mokwanira, ndipo kulemera kumagwera chidendene, kutsogolo ndi mbali yakunja. Pa chifukwa ichi pali magulu awiri a nsapato. Zina zili ndi siponji yofanana mbali zonse, zosakhwimitsidwa. Zina zakhwimitsidwa mbali ya m'kati, kapena zili ndi soli yotakata ndi m'mbali mokwera, kuti phazi lisagwere m'kati kwambiri.

Pano pafunika kunena zoona. Kafukufuku yemwe anachitika pa asilikali ongoyamba maphunziro ku America anapeza kuti kugawa nsapato potsata chidindo cha phazi sikunachepetse kuvulala poyerekeza ndi kupatsa onse nsapato za mtundu umodzi. Choncho chidindo chikuthandizeni kudziwa poyambira, koma chisakulamulireni. Ngati phazi lanu ndi lophwatalala koma mumathamanga popanda ululu, palibe choyenera kukonza, ndipo musasinthe mtundu wa nsapato womwe ukukuyanjani. Nsapato yokhwimitsidwa ndi yoyenera kuiyesa ngati phazi limagwera m'kati moonekeratu ndipo mukumva ululu wobwerezabwereza m'kati mwa akakolo, m'kati mwa msongolo kapena pansi pa phazi. Mwini phazi lokumbika kwambiri nthawi zambiri amapeza bwino mu nsapato yosakhwimitsidwa, yasiponji yokwanira, yokhala ndi mpata pamwamba pa phazi. Zingwe zikamamupweteka pamwambapo, adumphe mabowo awiri apakati pomanga.

Nsapato yanu yakale ndi mboni yabwino kuposa chidindo. Iikeni patebulo, muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendekera m'kati moonekeratu, phazi lanu limagwera m'kati. Kutha kwa soli pangodya yakunja ya chidendene kokha sikodetsa nkhawa, chifukwa anthu ambiri amayamba kuponda pamenepo.

Malo omwe mumathamangako

Pamsewu wa phula ndi pasimenti pamafunika soli yosalala, ya mizere yosaya, ndi siponji yokwanira, popeza pansi ndi pouma ndipo phazi limaponda mofanana ulendo wonse. Pamsewu wafumbi wolimba, nsapato yomweyo imagwira ntchito nyengo youma. Koma m'tinjira tamiyala, m'matope ndi m'mapiri mumafunika soli ya mano. Mano afupi, a mamilimita 3 kapena 4, amayenera dothi lolimba ndi timiyala, pomwe matope amafuna mano atali, a mamilimita 5 kapena kuposa, otalikirana kuti matope azigwa okha. Nsapato za m'tinjira zimakhalanso zolimba kutsogolo kuteteza zala mukapunthwa, ndipo zina zili ndi kapulasitiki kolimba m'kati mwa soli kotchinga miyala yakuthwa. Pamalo osalingana, soli yokwera kwambiri ndi yofewa imakhala yosakhazikika, ndipo kubinya akakolo sikuchedwa.

Nsapato ya mano atali imatha msanga paphula, ndipo ya pamsewu imaterera pamatope. Ngati muli ndi nsapato imodzi yokha, sankhani potengera komwe mumathamanga masiku ambiri.

Pali muyeso winanso womwe opanga amalemba: kusiyana kwa kukwera kwa chidendene ndi kutsogolo kwa nsapato, komwe kumayambira pa 0 kufika pa mamilimita 12 kapena chapomwepo. Nsapato yotsika chidendene imagwiritsa ntchito kwambiri akatumba ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene. Kuchoka mwadzidzidzi pa 10 kupita pa 0 kapena 4 kungabweretse ululu pamenepo, choncho kusintha kotere kuchitike pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo.

Chitsanzo

Tiyerekeze bambo wina yemwe amathamanga makilomita 20 pa mlungu, masiku ambiri pamsewu wafumbi ndipo mwa apo ndi apo paphula. Akudandaula kuti chikhadabo cha chala chachiwiri chada ndipo chala chaching'ono chimatuluka chithuza. Wina wamuuza kuti vuto ndi phazi lake lophwatalala, ndiye akufuna nsapato yokhwimitsidwa.

Atayeza madzulo, phazi lamanja lapezeka sentimita 26.5, lamanzere 26. Kasoli ka nsapato yake ndi ka sentimita 27, kutanthauza kuti phazi lamanja latsala ndi theka la sentimita basi, ndipo pamenepo ndi pomwe pachokera chikhadabo chakuda. Ataima pa kasoliko, chala chaching'ono chili kunja, ndipo nacho chithuza chadziwika gwero lake. Chidindo chikuonetsadi phazi lophwatalala, koma akakolo, msongolo ndi mawondo sizimupweteka, ndipo nsapato yakale yaima chilili patebulo. Bamboyu sakufunika nsapato yokhwimitsidwa. Akufunika yomwe m'kati mwake ndi pakati pa sentimita 27.5 ndi 28, yotakata, ya mano afupi oti agwire fumbi koma osavutitsa paphula. Poyesa avale zonse ziwiri, amange zingwe, athamangeko pang'ono, aone ngati zala zikutha kugwedezeka ndiponso ngati chidendene sichikuvuka. Chikamavuka pang'ono, agwiritse ntchito bowo lomaliza la pamwamba, lomwe ambiri amalisiya. Masiku oyamba aivale pa maulendo afupiafupi, mosinthana ndi yakale ngati chala chikulola.

Nsapato ikatopa, ndi nthawi yopita kuchipatala

Nsapato zambiri zothamangira zimatumikira makilomita pakati pa 500 ndi 800. Kwa bambo wa m'chitsanzo uja, imeneyo ndi miyezi 6 mpaka 9. Siponji imafa nsalu yapamwamba ikadali yooneka bwino, choncho yang'anani makwinya akuya m'mbali mwa soli, mano osalala, ndi ululu watsopano womwe wabwera pamene simunawonjezere mtunda. Ngati mukugula nsapato yovalidwapo kale, ionetsetseni motero, ndipo ikapendekera mbali imodzi patebulo isiyeni, chifukwa inatengera kapondedwe ka munthu wina.

Nsapato siichiza mavuto onse. Nthawi zambiri kuvulala kwa othamanga kumabwera chifukwa chowonjezera mtunda kapena liwiro mofulumira, ndipo kugula nsapato ina sikungakonze zimenezo. Onanani ndi achipatala ngati ululu ukukupangitsani kutsimphina, ngati pali malo amodzi pafupa opweteka mukadinapo ndi chala, ngati phazi latupa, kapena ngati ululu sukuchepa mutapuma milungu iwiri. Pitaninso ngati phazi limodzi layamba kuphwatalala mutakula kale, makamaka m'kati mwa akakolo mukupweteka. Odwala shuga asamale kwambiri, chifukwa mapazi awo amatha kuchita dzanzi osamva kuti nsapato ikukhula. Iwowa apise dzanja m'nsapato asanavale kuona ngati mulibe kamwala kapena msoko wokanda, ayang'ane mapazi akamaliza kuthamanga, ndipo chithuza kapena kabala kalikonse akakaonetse kuchipatala mwamsanga osadikira kuti kapole kokha.