Bawuti ya mabagala isayandikire m'mphepete mwa konkire

Mabagala ambiri amene ndimaitanidwa kukawakonza ku Ulongwe ndi ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, zitsulo zake zimakhala zabwinobwino. Chimene chimakhala chitagonja ndi konkire, pamalo pamene panalowa bawuti.

Bawuti yotambasuka imagwira pokankha. Mukamamanga nati, mutu wa kunsonga kwake umalowa m'kachubu kachitsulo n'kukatambasula, kachubuko n'kukanikiza m'mbali mwa bowo. Bowolo likakhala pafupi ndi m'mphepete, mphamvu yomweyo imang'amba konkire ngati nkhwangwa pachikuni. Mng'aluwo umayamba ngati kamzere kochoka pabowo kupita pakona, ndipo wakuba akapanapo chitsulo, chibenthu chonse chimachoka pamodzi ndi bawuti.

N'chifukwa chake ine sindiwotcherera timakutu, tizitsulo taphanthitaphanthi tolowetsamo mabawuti, ndisanakaone khoma. Kakhutu ndi kamene kayenera kutsatira konkire yabwino.

Tinene kuti zenera ndi la mita 1.2 mulitali ndi mita imodzi mulifupi, lazunguliridwa ndi konkire yokhuthala masentimita 20. Ndimadula timakutu 6 pachitsulo cha mamilimita 40 mulifupi ndi 5 kuchindikala: tiwiri mbali iliyonse, kamodzi pamwamba, kena pansi. Ndimatiloza mkati kuti bowo ligwere chapakati pa khoma, osachepera masentimita 7 kuchokera m'mphepete. Kakhutu kawotchereredwe mbali zonse ziwiri, ndipo mugogode makoko ake muone msoko. Ukakhala wa timabowotimabowo kapena wa madontho ongokhala pamwamba, sunagwire.

Pamene ambiri amanamizika ndi papulasitala. Pulasitala sagwira bawuti, choncho musamuwerengere. Pa bawuti ya mamilimita 10 yotalika masentimita 10, kakhutu, washala ndi nati zimadya pafupifupi masentimita 2, pulasitala enanso 2. Otsala 6 ndiwo ali m'konkire yeniyeni, ndipo akukwanira. Mukagula yaifupi kuti mupulumutse ndalama, kachubu kamatambasukira m'pulasitala, nati n'kumangozungulira osalimba.

Boolani mowongoka ndi msomali wa dirilo wa saizi imene yalembedwa papaketi, mupitirire ndi sentimita imodzi pamene bawuti ithere, kenako mutulutse fumbi lonse ndi kapampu ka njinga. Fumbi likatsala, bawuti imaterereka. Dirilo ikagunda chitsulo cha m'konkire musachidule, sunthani bowo. Ngati mwapeza kuti ndi buloko ya mphako, bawuti imeneyi si yake.

Pakakhala mpata pakati pa kakhutu ndi khoma, tsekanipo ndi mawashala, apo ayi pomanga nati mupinda felemu. Mangani ndi sipanala wamba mpaka italimba, osawonjezera paipi kuchogwirira. Mukatero donthezani kamsoko kamodzi kolumikiza nati ndi kakhutu kuti munthu asamasule, koma mwachidule, chifukwa moto wambiri umaphulitsa konkire. Pakazizira, palani ndi kupaka penti woletsa dzimbiri.

Konkire ikakhala yatsopano, dikirani masiku 28 musanaboole. Kutentha kwa ku Tete kumaumitsa pamwamba msanga mkati musanakhwime.