Nkhope ya mu Foni ndi Mafuta Oyeretsa Khungu: Mawu a Mayi wa mu Saluni kwa Atsikana a Sukulu

Ana anga, ntchito yanga ndi yosamalira khungu ndi tsitsi, ndipo tsiku lililonse ndimaona nkhope za anthu pafupi kwambiri, kuwala kuli kokwanira. Ndikukutsimikizirani kuti sindinaonepo munthu wamoyo, ngakhale mkwatibwi amene ndamuphoda ndi manja anga, yemwe khungu lake lilibe timabowo, timizere kapena malo ena akuda kuposa ena. Nkhope yosalala ngati mbale yadothi imene mumaiona pa TikTok, Snapchat ndi Instagram imapangidwa ndi fyuluta, ndipo ndikufuna mudziwe mmene imapangidwira musanayambe kuvutitsa khungu lanu kuti lifanane nayo.

Mukatsegula kamera, pulogalamu imayamba yapeza pamene pali maso, mphuno, milomo ndi chibwano. Kenako imafufuta timabowo ndi ziphuphu, imawalitsa khungu, imachepetsa mphuno ndi nsagwada, n'kukulitsa maso pang'ono. Mafoni ambiri ali ndi gawo lolembedwa kuti `Beauty` mu kamera yakutsogolo, ndipo pa mafoni ena gawoli limakhala loyatsidwa kale, moti mtsikana akhoza kukhala akuona nkhope yosinthidwa iye osadziwa. Ngakhale fyuluta itazimitsidwa, kamera ikakhala pafupi kwambiri imanamabe. Kafukufuku wofalitsidwa ku Amereka mu 2018 anapeza kuti chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa masentimita 30 chimaonetsa mphuno yokula ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse poyerekeza ndi chojambulidwa pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Ngati mukufuna kuzindikira chithunzi chosinthidwa, yerekezani nkhope ndi khosi, makutu komanso manja, ndipo muone ngati chitseko kapena khoma lakumbuyo lapindika pafupi ndi tsaya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi zimene zimatsatira mtsikana akazolowera nkhope ya mu foni n'kuyamba kunyansidwa ndi ya pa galasi. Ambiri amathamangira ku mafuta oyeretsa khungu. Ndikufotokozerani za mtsikana wina wa Fomu 2, wazaka 15, amene mayi ake anabwera naye ku saluni kwanga. Iye anali ndi ziphuphu zochepa pamphumi, zimene zimabwera pa msinkhu wanu chifukwa thupi likamakula khungu limatulutsa mafuta ambiri, ndipo mafutawo pamodzi ndi khungu lakufa zimatseka timabowo. Mnzake anamupatsa kachubu kogula pamsika, nayamba kudzola m'mawa ndi madzulo. Patatha milungu iwiri nkhope inasalala ndi kuwala, anzake anamuyamikira, ndipo iye anawonjezera mlingo. Pofika mwezi wachitatu panatuluka tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula, khungu la m'masaya linapyapyala mpaka timitsempha tinayamba kuonekera, ndipo akayenda padzuwa nkhope inkanyeka. Atayesa kusiya, nkhope inatupa ndi kuyabwa mkati mwa masiku ochepa, choncho anabwereranso ku kachubu komweko poganiza kuti ndiko kakumuchiritsa.

Nditawerenga pa kachubuko ndinapeza mawu akuti `clobetasol propionate`. Amenewa ndi mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la masiteroidi, omwe madokotala amalembera odwala matenda ena a pakhungu kwa nthawi yochepa, ndipo kawirikawiri salola kuti adzoledwe kumaso. Amaziziritsa kutupa ndi kufinya timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake poyamba khungu limaoneka loyera ndi losalala. Koma akagwiritsidwa ntchito kwa miyezi amapyapyalitsa khungu, amabweretsa mizere yong'ambika imene siitha, amameretsa ubweya kumaso, komanso amafooketsa chitetezo cha khungu kotero kuti zipere zimafalikira mosavuta. Akadzoledwa thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi, ndipo akhoza kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimapezeka m'mafuta amenewa. Choyamba ndi haidirokwinoni, amene pa paketi amalembedwa kuti `hydroquinone`. Ameneyu amaletsa khungu kupanga melanini, chinthu chimene chimatipatsa mtundu wathu ndi kutiteteza ku dzuwa. Akamudzola kwa nthawi yaitali amabweretsa mabala akuda mobiriwira m'masaya ndi m'mbali mwa maso, omwe ndi ovuta kwambiri kuchotsa. Amayi ambiri amene ndimawaphimba ndi phoda wochuluka masiku ano anayamba ali atsikana ngati inu. Dziko la South Africa linaletsa haidirokwinoni m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafuta oyeretsa khungu m'misika mu 2018. Chachiwiri ndi mekyule, amene nthawi zina amabisika m'dzina loti `calomel`. Ameneyu amawononga impso ndi mitsempha, amachititsa manja kunjenjemera ndi munthu kuiwalaiwala, ndiponso amafika kwa mwana amene ali m'mimba kapena woyamwa. Vuto lalikulu ndi lakuti opanga ena salemba n'komwe zinthuzi pa paketi, ndipo mafuta osakaniza amene amagulitsidwa m'timabotolo topanda zolemba palibe amene angakuuzeni zimene zilimo.

Mtsikana uja sindinamupatse mafuta ena, chifukwa imeneyo si ntchito ya saluni. Ndinauza mayi ake kuti apite naye kuchipatala atatenga kachubuko, kuti dokotala aone chimene ankadzola ndi kumuuza njira yosiyira, popeza wina amasiya nthawi imodzi pamene wina amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono. Milungu yoyamba inali yowawa, nkhope inafundula ndipo inada kuposa kale, moti ankachita manyazi kupita kusukulu. Patapita miyezi ingapo kunyeka kunatha ndipo mtundu wake unabwerera, ngakhale timitsempha tina m'masaya tikuonekabe.

Chimene ziphuphu zake zinkafuna poyamba chinali chochepa. Sambani kumaso kawiri pa tsiku ndi sopo wofatsa, pogwiritsa ntchito manja m'malo mwa mwala kapena chinkhupule, ndipo musamakhule, chifukwa ziphuphu sizibwera chifukwa cha uve ndipo kukhula kumazikwiyitsa. Musazifinye, pakuti pa khungu lakuda chiphuphu chofinyidwa chimasiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimiririke, ndipo mabanga amenewa ndi amene amakopera atsikana ambiri ku mafuta oyeretsa. Musadzole mandimu, mankhwala otsukira mano kapena soda kumaso, chifukwa zimatentha khungu. Mafuta a m'tsitsi asamafike pamphumi, ndipo mukakhala padzuwa nthawi yaitali valani chipewa kapena gwiritsani ntchito ambulera.

Ziphuphu zikachuluka, ku famase kuli mankhwala odzola otchedwa `benzoyl peroxide`, ndipo wa famase adzakuuzani mlingo woyambira, womwe nthawi zambiri umakhala wa 2.5 kapena 5 peresenti. Amaumitsa khungu masiku oyamba ndipo amachititsa nsalu kusuluka, komanso pamatenga milungu 6 mpaka 8 kuti kusintha kuoneke, choncho musawataye patatha sabata imodzi. Pitani kuchipatala ngati ziphuphu ndi zazikulu, zopweteka kapena zikusiya zipsera, komanso ngati mwakhala mukudzola mafuta oyeretsa ndipo mukuona zizindikiro zimene ndatchulazi. Ngati maganizo a nkhope yanu akukulepheretsani kugona, kudya kapena kupita m'kalasi, uzani mayi anu, mphunzitsi amene mumamukhulupirira kapena namwino wa pachipatala chapafupi sabata yomweyo.