Musanatsutse wandale, yambani mwalemba zimene wanenadi

Kanema wa msonkhano wandale amene amazungulira pa WhatsApp nthawi zambiri amakhala kachidutswa chabe. Funani wathunthu, kaya pa Facebook pa wailesi imene inaulutsa msonkhanowo kapena pa YouTube, ndipo mulembe tsiku ndi malo ake. Popanda tsiku, simungadziwe kuti ponena kuti "chaka chatha" amatanthauza chaka chiti.

Muonereni kaye mpaka kumapeto osalemba kanthu. Ulendo wachiwiri muziimitsa paliponse pamene mwamva nambala, chaka, mtengo, dzina la malo kapena mawu ngati "onse" ndi "koyamba". Lembani mphindi yake, mwachitsanzo 14:32, kenako mawuwo ndendende, m'chinenero chimene wayankhula. Mukawakonza kuti amveke bwino, mudzafufuza mawu anu, osati ake.

Ntchito yaikulu ndi kugawa ziganizo. Tiyerekeze kuti wina wanena kuti: "Mu 2020 tinatsitsa feteleza kufika pa K4,495, alimi onse analandira, ndipo njala inatha." Apa pali mfundo zitatu, ndipo iliyonse ikhale pamzere wakewake. Yoyamba ndi yosavuta, chifukwa umenewo ndiwo unali mtengo wa thumba la makilogalamu 50 pa pulogalamu ya AIP m'chaka chake choyamba, ngakhale kuti wamusitolo unali wina. Yachiwiri imafuna funso: alimi onse a m'dziko muno, kapena okhawo amene anali m'kaundula? Lembani funsolo pambali, ndi kumene yankho lingapezeke, ku Unduna wa Zaulimi. Yachitatu ndi yoterera. Njala tiipima ndi chiyani, chimanga chimene chinakololedwa kapena chiwerengero cha anthu ofunika thandizo la chakudya, chimene komiti ya MVAC imatulutsa chaka ndi chaka? Mukazisiya zitatuzi pamodzi, yoonayo imabisa zinzake, ndipo chiganizo chonse chimaoneka ngati choona.

Samalaninso ndi mneni. Pamsonkhano pamakhala nthungululu, ng'oma ndi zimkuzamawu zolira, moti "tamanga", "tikumanga" ndi "timanga" zimamveka mofanana. Awiri oyambawo mungathe kukawaona ndi maso, koma lachitatulo ndi lonjezo, ndipo malonjezo amapita patsamba lina. Mawu akuti miliyoni ndi biliyoni nawonso amamveka mofanana. Chepetsani liwiro la kanema kufika pa 0.75, mumvetserenso ndi mnzanu, ndipo zikakanikabe lembani kuti mawuwo sakumveka, osangoganizira.

Maganizo, monga akuti boma lalephera, asiyeni. Palibe chikalata chimene chingawatsimikize.

Musayambe kufufuza mndandanda usanathe. Munthu akatero amathamangira mfundo zimene akuzikayikira kale, makamaka ngati woyankhulayo ndi wachipani chimene sachifuna, n'kudumpha zina zonse. Mukamaliza, sankhani zoyamba kufufuza poona kuti ndi ziti zimene zikukhudza anthu ambiri, monga mitengo, misonkho ndi ngongole za boma.