Musadikire kuti katundu athe ndiye mukafune loya

Amayi ambiri amasiye amafika ku Legal Aid Bureau patapita chaka chathunthu, minibasi itagulitsidwa kale, nyumba yobwereketsa ikulandiridwa lendi ndi alamu awo. Ukawafunsa chomwe anachedwera, yankho ndi limodzimodzi: "Tinalibe ndalama ya loya, komanso akuchimuna anati tidikire kumeta." Zifukwa ziwirizi sizomveka. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liyimirire anthu osowa. Mumangofotokoza zomwe mumapeza ndi zomwe muli nazo, iwo n'kuona ngati akuthandizeni ulere kapena musonkheko pang'ono.

Tiyerekeze kuti bambo amwalira osasiya wilo. Asiya mkazi, ana awiri, mwana wina wakunja, nyumba ku Ndirande ndi minibasi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi, ana onse atatu mosasankha, ndi omwe ankadalira malemuyo, monga mayi awo okalamba. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba yemwe mkazi ankagwiritsa ntchito ndi mwamuna wake amatsala naye. Mchimwene wa malemu amene watenga makiyi a minibasi popanda chilolezo wapalamula mlandu woti angamangidwe nawo, olo atanena kuti ndi mwambo wa kwawo.

Apa ndi pomwe paraligo wa m'dera, munthu wophunzitsidwa kuthandiza anthu pa nkhani za malamulo, amathandiza kwambiri. Sabata yoyamba yomweyo amakhala pansi ndi mayiyo n'kulemba katundu yense, chimodzi ndi chimodzi, mboni ziwiri zikuona, bwinonso imodzi ikhale ya kuchimuna. Amaonetsetsa kuti bulubuku ya galimoto, mapepala a nyumba, makhadi a kubanki ndi umboni wa ukwati zili m'manja mwa mayiyo, n'kumuthandiza kupeza chikalata cha imfa. Kenako amaitana ankhoswe a mbali zonse ndi amfumu, kuwauza zomwe lamulo likunena. Zomwe agwirizana zilembedwe, aliyense asayine. Pangano la pakamwa limasungunuka mvula isanagwe.

Koma paraligo si loya. Akaona kuti alamu ayamba kufunafuna wogula minibasi, zokambirana ziime. Mayiyo apite naye ku Legal Aid Bureau kuti loya akapemphe chiletso kukhoti, komanso kalata yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho. Galimoto ikasintha dzina kawiri, ndalama zake zitadyedwa, mutha kupambana mlandu koma osalandira kanthu. Ngati pali kuopsezana kapena kuthamangitsidwa m'nyumba, thamangirani kupolisi ku Victim Support Unit tsiku lomwelo.

Chenjeraninso ndi madobadoba oyendayenda pakhomo pa khoti ndi pa ofesi ya bwanamkubwa, onena kuti "ndimadziwana ndi bwana, bweretsani ya fanta fayilo iyende." Amenewa amatenga zikalata zanu zenizeni n'kusowa nazo, ndipo ena amakazigulitsa kwa omwe mukulimbana nawo. Funsani munthu bungwe lomwe akugwirira ntchito, muone chiphaso chake, ndalama iliyonse yomwe mwapereka mulandire lisiti, ndipo kwa aliyense perekani fotokope, zikalata zenizenizo zikhale ndi inu.